Momwe mungawerengere phindu la shopu pamene mtengo wa katundu ukukwera

Mwaoda ufa katatu mwezi umodzi, ulendo uliwonse pa mtengo wake. Matumba onse ndi ofanana ndipo aunjikidwa pakona imodzi. Mwezi ukatha, thumba limene munagulitsa Lachiwiri lija mulilemba kuti munaligula zingati? Yankho limene mungasankhe limasintha phindu la m'buku, ngakhale ndalama za m'kabati zili zomwezo.

Njira zodziwika ndi ziwiri. Yoyamba imatchedwa FIFO, ndipo imati katundu amene anayamba kulowa ndiye amayamba kutuluka. Yachiwiri ndi ya avareji, imene pa mapulogalamu a akaunti mudzaiona italembedwa kuti `Weighted Average` kapena `AVCO`. Iyi imasakaniza mitengo yonse n'kupereka mtengo umodzi pa thumba lililonse. Tiziyese zonse pa shopu yongoyerekezera ya ku Chawama, muno m'Zambia, yogulitsa ufa wa makilogalamu 25. Mitengoyi ndi yachitsanzo chabe.

Choyamba, sonkhanitsani malisiti

Lembani oda iliyonse payokha: tsiku, matumba angati, thumba limodzi zingati. Ndalama imene mwalipira wa galimoto kuti katundu afike pashopu muiphatikize pa mtengo wogulira, chifukwa nayonso ndi mbali ya mtengo wa katunduyo. Renti ya shopu ndi malipiro a wogulitsa ayi, zimenezo zili ndi malo ake.

Pa shopu yathuyi, mwezi unayamba ndi matumba 40 a K250, omwe ndi K10,000. Pa 10 anabwera matumba 60 a K280, K16,800. Pa 22 anabweranso 50 a K310, K15,500. Onse pamodzi ndi matumba 150 a K42,300. Nambala imeneyi musaitaye, tibwererakonso.

Kenako lowani mositolo muwerenge ndi manja zimene zatsala. Musadalire buku lokha, poti thumba long'ambika kapena lodyedwa ndi makoswe silidzilemba lokha. Apa tinene kuti atsala 40, palibe lowonongeka, ndiye kuti agulitsidwa 110. Pa K330 thumba, malonda onse ndi K36,300.

Kuwerenga mwa FIFO

Yambirani pa matumba akale kwambiri mpaka mukwanitse 110. A K250 aja onse 40 apita, a K280 onse 60 apitanso, ndipo 10 otsala kuti tikwanitse tiwatenga pa oda ya K310, omwe ndi K3,100. Mtengo wa katundu wogulitsidwa ndi K10,000 kuphatikiza K16,800 kuphatikiza K3,100, zomwe ndi K29,900. Chotsani pa K36,300, phindu ndi K6,400 tisanachotse renti ndi zina. Matumba 40 otsala onse ndi a oda yomaliza, choncho alembedwa K12,400.

Ena amafunsa kuti, nanga mnyamata wa pashopu akamatenga matumba a pamwamba, omwe ndi atsopano? Sizisintha kanthu. FIFO ndi lamulo la momwe mitengo imayendera m'buku, osati dzanja la wonyamula. Kutulutsa ufa wakale poyamba ndi nzeru yopewera anankafumbwe, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Kuwerenga mwa avareji

Gawani ndalama zonse ndi matumba onse.

```
42,300 / 150 = 282
110 x 282 = 31,020
40 x 282 = 11,280
```

Mtengo wa zogulitsidwa ndi K31,020, phindu K5,280, katundu wotsala K11,280.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amaphatikiza 250, 280 ndi 310 n'kugawa ndi 3, n'kupeza 280. Koma maodawo sanali ofanana kukula, ndiye oda ya matumba 60 iyenera kulemera kuposa ya 40. Kuti mudziwe ngati mwalakwitsa, phatikizani mtengo wa zogulitsidwa ndi wa zotsala. Ziyenera kubwerera pa K42,300, kaya mwatsata njira iti. Ndi 280 mupeza K30,800 ndi K11,200, zomwe ndi K42,000, ndipo K300 yasowa popanda woiba.

Ngati mumagwiritsa ntchito kompyuta, musadabwe ikakupatsani nambala yosiyana pang'ono ndi 282. Mapulogalamu ambiri amawerenganso avareji nthawi iliyonse oda yatsopano ikalowa, osadikira kutha kwa mwezi. Zonsezo ndi zololedwa, bola muzitsata imodzi.

K1,120 yachokera kuti?

FIFO yaonetsa phindu loposa la avareji ndi K1,120, ndipo katundu wake wotsala akuposanso ndi K1,120 yomweyo. Chifukwa chake n'chakuti FIFO yatumiza mitengo yakale yotsika ku malonda a mwezi uno, n'kusiya yokwera mositolo. Mitengo ikamakwera zimakhala choncho nthawi zonse, ndipo ikamatsika zimatembenuka. Ndalamayi siinapangidwe ndi aliyense. Mwezi wamawa shopu ya FIFO iyamba ndi matumba a K310 pomwe ya avareji iyamba ndi a K282, ndipo tsiku limene mositolo mudzakhala mopanda kanthu, phindu lonse la njira ziwirizi lidzafanana.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi china. Mwini shopu akaona K6,400 amaganiza kuti ndi yake yoti alipire fizi ya ana. Koma kuti abwezeretse matumba 110 aja pa mtengo wa lero wa K310, afunika K34,100. Pa K36,300 ya malonda patsala K2,200 yokha. Akatenga K6,400 yonse, m'manja mutsala K29,900, imene igula matumba 96 okha. Mpamba wadyeka ndi matumba 14, buku likunena kuti zinthu zili bwino. Avareji imachepetsako chinyengo chimenechi koma siichichotsa, pakuti K31,020 igula matumba 100. Ndiye musanatenge ndalama pashopu, chitani sitepe imodzi yoonjezera: chulukitsani matumba ogulitsidwa ndi mtengo wa oda yomaliza, muchotse pa ndalama za malonda, muone chotsala. Mtengo wogulitsira nawonso muziuika poyang'ana oda yomaliza, osati ya mwezi watha.

Musankhe iti?

Lamulo la akaunti la IAS 2, limene makampani otsata malamulo a akaunti a padziko lonse otchedwa IFRS muno m'Zambia amagwiritsa ntchito, limalola njira ziwiri zonsezi, koma limakana LIFO, yoti katundu womaliza kulowa ndiye woyamba kutuluka. Limafunanso kuti katundu wa mtundu umodzi aziwerengedwa ndi njira imodzi, osati kusinthasintha chaka ndi chaka pofuna kukometsa phindu. Amene amalipira msonkho wa pa phindu ku ZRA, bungwe lotolera misonkho, aona kuti FIFO imabweretsa msonkho msanga mitengo ikamakwera. Amene amalipira msonkho wowerengedwa pa malonda onse, njirayi siisintha msonkho wawo.

Kwa shopu ya ufa, shuga kapena simenti, yomwe imaoda kawirikawiri katundu wofanana, ine ndimakonda avareji, chifukwa phindu silidumphadumpha ndipo ndi yosavuta kulemba pamanja. FIFO ubwino wake ndi woti katundu wotsala amalembedwa pa mtengo woyandikira wa lero, koma pomwepo palinso msampha. Chimanga chatsopano chikafika pamsika ufa n'kutsika mtengo, tinene kuti thumba likugulitsidwa K295, IAS 2 silola kuti katundu alembedwe pamwamba pa ndalama imene angabweretse. Matumba 40 a K310 aja muyenera kuwatsitsa ndi K15 lililonse, K600 ichoke pa phindu mwezi womwewo. Wa avareji, yemwe anawalemba pa K282, sasintha kalikonse m'buku lake.