Nkhono Yaikulu pa Chithunzi: Kodi Ndiyodi Ikutha Mbande Zanu?

Mvula ikangoyamba, alimi a m'madimba amatumiza kwa alangizi zithunzi za nkhono zikuluzikulu, akufunsa mankhwala oti agule. Zambiri mwa zithunzizi sizithandiza. Nkhono imajambulidwa kumsana, ili yokhayokha pa dothi, ndipo sizidziwika ngati ndi yaing'ono ngati nsawawa kapena yodzaza chikhatho.

Pojambula, ikani bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kwake kuoneke. Jambulani chigoba cha kumsana, kenaka mutembenuze ndi kamtengo n'kujambula kukamwa kwa chigobacho. Chithunzi chachitatu, chomwe ambiri amaiwala, ndi cha tsamba lodyedwalo, makamaka m'mamawa dzuwa lisanaumitse mame.

Nkhono yaikulu imene imatchuka ndi kuononga mbewu ndi ya mtundu wa Lissachatina fulica, yomwe kwawo kwenikweni ndi kum'mawa kwa Africa. Chigoba chake ndi chachitali, chosongoka kumapeto, chofiirira chokhala ndi mizere yotuwa yotsika m'litali mwake. Ikakhwima imakhala ndi mapindi 7 mpaka 9, ndipo zambiri zimatalika masentimita 5 mpaka 10, ngakhale zina zimafika 20. Ili ndi abale ake ofanana nayo kwambiri, choncho chithunzi chimodzi chingakuuzeni banja lake koma osati mtundu weniweni nthawi zonse. Kwa mlimi zimenezi zilibe kanthu kwenikweni, chifukwa kathanidwe kake n'kamodzi.

Nkhono zopanda chigoba n'zimene zimasokoneza anthu, mpaka ena amaziyesa misundu. Yomwe imapezeka kawirikawiri m'madimba a kumadera otentha ndi Laevicaulis alte, yaphwatalala, yakuda, ya khungu looneka ngati chikopa, ndi kamzere kotuwa kodutsa pakati pa msana. Mukaona tinyanga kumutu, dziwani kuti si msundu.

Tsono kukula kwa nkhono si muyeso wa kuopsa kwake. Zikuluzikulu zija zimadya kwambiri masamba oola, zipatso zakugwa ndi zinyalala. Zimene zimalimbana kwambiri ndi mbewu zanthete ndi zazing'ono, za chigoba chosapitirira masentimita atatu, zomwe palibe amazijambula. Yaikuluyo ikukuchenjezani za chinthu china: mazira. Nkhono iliyonse ya mtunduwu ili ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi zomwe, ndiye ziwiri zikakumana, zonse zikhoza kuikira. Imaikira mazira oposa 100 nthawi imodzi, oyera mwachikasu, a mamilimita pafupifupi asanu, m'dothi lofewa lachinyontho.

Tiyerekeze kuti mlimi watumiza chithunzi cha nkhono yotalika kawiri bokosi la machesi, ili pa tsinde la nthochi, ndipo akuti mbande 30 mwa 200 za kabichi pa nazale yake zatha m'masiku awiri. Ine sindingathamangire kuiweruza nkhonoyo. Ndimayamba ndafunsa momwe mbandezo zaonongekera. Ngati zadulidwa m'tsinde n'kugwa, masamba ali osadyedwa, wolakwa ndi mbozi yodula mbande, ndipo mukafukula pang'ono patsinde muipeza itadzipinda. Mankhwala a nkhono sangaiphe. Koma ngati masamba ali ndi mabowo osalongosoka ngati opalidwa, mbande zina zatheratu kutsala kachitsa, ndipo pa dothi pali mizere yonyezimira ya zonanda zouma, pamenepo ndi nkhono.

Zikatero, yalani masaka anayi onyowa m'mbali mwa nazale madzulo, ndipo muwatukule m'mawa. Mukapeza ziwiri zazikulu basi, kutola ndi manja n'kokwanira. Mukapeza ting'onoting'ono tambirimbiri pansi pa saka lililonse, zaswana pafupi, ndipo mbande zotsala 170 zija zili pangozi sabata yomweyo. Chiwerengero chomwecho m'munda wa chimanga chofika m'chiuno sichingandidetse nkhawa. Zoopa nazo ndi nazale, nyemba zongomera kumene, letesi, tchayinizi ndi timitengo ta mapapaya.

Fufuzani kumene zikubisala: mulu wa manyowa, masamba a nthochi ounjikana, njerwa. Sunthani zimenezi kutali ndi nazale, gaulani dothi kuti mazira aume ndi dzuwa, ndipo thirirani m'mawa m'malo mwa madzulo. Usiku tolani ndi tochi n'kuziponya mu ndowa ya madzi amchere wambiri. Mcherewo musawaze pa bedi, umaononga nthaka. Nyambo za mankhwala ophera nkhono a metaldehyde zimagwira ntchito, koma zimapha agalu ndi nkhuku, ndiye zikhale njira yomaliza ndipo tsatirani zolembedwa pa paketi.

Potola valani magolovesi kapena jumbo kumanja. Nkhono za mitundu yonse iwiri zimatha kunyamula nyongolotsi ya m'mapapo a makoswe, yomwe mwa munthu imayambitsa matenda oumitsa khosi. Masamba ochokera pa bedi lomwe mwaona mizere yonyezimira atsukeni tsamba limodzilimodzi, ndipo ndi bwino kuwaphika kusiyana ndi kuwadya osaphika.