Momwe mungaikire nyama m'magulu ake, kuchokera pa filo mpaka pa esipesiye: tiyesere pa mbuzi

Mwana wa mchemwali wanga amaphunzira sekondale ku Ulongue, ndipo tsiku lina ndinamupeza pakhonde akuloweza mawu asanu ndi limodzi ngati nyimbo: filo, kalasi, orodemu, banja, jenero, esipesiye. Mawuwo ankawatchula bwinobwino osaphonya. Koma nditamulozera mbuzi imene inamangidwa pamtengo wa mango n'kumufunsa kuti, "Nanga iyi ili m'banja liti, ndipo wadziwa bwanji?" anangoti kukamwa yasa. Vuto si mutu wa mwanayo. Magulu amenewa saloweza, amachita kuwaona pathupi la nyama. Ndiye tiyeni titenge mbuziyo, poti kuno ku Tete palibe amene saidziwa, titsike nayo sitepe ndi sitepe.

Mawu aja ndawalemba motsatira Chipwitikizi cha m'masukulu athu. Anzathu a kutsidya kwa malire, ku Dedza ndi ku Ntcheu, amawamva kuti fayilamu, kalasi, oda, famile, jinasi ndi sipishizi, koma ndi zinthu zomwezomwezo. Maina a Chilatini okha ndawasiya momwe alili, chifukwa ndi mmene mudzawalembere pamayeso kapena pofufuza pafoni.

Kachitidwe kake ndi kamodzi: pa sitepe iliyonse mufunse funso limodzi lokhudza kapangidwe ka thupi, ndipo nyama zimene zalephera funsolo muzisiye panja. Pamwamba penipeni pali ufumu wa nyama zonse, Animalia, mmene muli mbuzi, nkhupakupa imene yaikakamira kukhutu, ngakhalenso nyongolotsi za m'mimba mwake. Kuchokera pamenepo khamulo limanka licheperachepera.

Sitepe yoyamba: filo

Yendetsani dzanja pamsana pa mbuzi. Mukumva timafupa tondondozana kuchokera m'khosi mpaka kumchira, ndipo mkati mwake mumadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo. Mbuzi ikadali kamluza m'mimba mwa make imayamba yakhala ndi kandodo kofewa m'malo amenewo, kenako mafupa a msana amadzalowa m'malo mwake. Nyama zonse zimene zimakhalapo ndi kandodo kameneka zili mu filo ya Chordata. Nkhupakupa ija yatsala panja: mafupa ilibe, cholimba chake ndi chikamba chakunja, ndipo miyendo yake ndi yolumikizalumikiza, choncho kwawo ndi ku Arthropoda limodzi ndi ziwala ndi nkhanu. Koma khamu lotsala likadali lalikulu. Kapenta wa ku Cahora Bassa alimo, ng'ona ya mu Zambezi ilimo, nkhuku, chule, ndi inu amene mukuwerenga.

Sitepe yachiwiri: kalasi

Apa n'posavuta. Kodi ili ndi ubweya, ndipo yaikazi imayamwitsa? Mbuzi yayankha kale. Kalasi yake ndi Mammalia. Kapenta, ng'ona ndi nkhuku zatuluka. Chenjerani ndi mleme: ana ambiri amauponya kwa mbalame chifukwa umauluka, pamene uli ndi ubweya osati nthenga, ndipo umayamwitsa. Kumene nyama ikhala ndi mmene iyendera si zimene timayang'ana.

Sitepe yachitatu: orodemu

Nyamulani mwendo wa mbuzi muone kuphazi. Chiboda chake ndi chogawanika pakati, ndiye kuti imaponda ndi zala ziwiri, ndipo kumbuyo chakumtunda kuli tizala tina tiwiri tosafika pansi. Kulemera kwa thupi kumadutsa pakati pa zala ziwiri zikuluzikuluzo, zimene pa dzanja lanu zikanakhala chala chapakati ndi chotsatana nacho cha mphete. Nyama zotere ndi za orodemu ya Artiodactyla.

Kuti mumvetse bwino, pitani pamene pali bulu. Chiboda cha bulu ndi chimodzi chathunthu, chala chimodzi chokha chapakati. Bulu, hatchi, mbidzi ndi chipembere cha zala zitatu zili mu orodemu ina, Perissodactyla. Ndiye ngakhale bulu ndi ng'ombe zonse zimakoka ngolo, zonse zimadya msipu umodzi, pachibale ng'ombe ili pafupi ndi nkhumba kusiyana ndi bulu. Anthu akamva zimenezi amaseka, koma taonani phazi la nkhumba mukadzapha.

Mvuu nayo ili momwemuno, ndi zala zake zinayi. Ndipo chodabwitsa, akatswiri atafufuza za chibadwa anapeza kuti abale apafupi a mvuu amene ali moyo ndi anamgumi a m'nyanja yamchere. N'chifukwa chake mabuku ena atsopano amalemba Cetartiodactyla. Mukalipeza dzina limenelo musaganize kuti buku lina lalakwitsa.

Sitepe yachinayi: banja

Pano ndi pamene pali nkhani, ndipo malo abwino ophunzirira si m'kalasi koma pamene akusenda mbuzi, kaya pamsika kaya pakhomo tsiku la ukwati. Tatsala ndi mbuzi, nkhosa, ng'ombe, njati, agwape, nkhumba ndi mvuu. Tizisiyanitsa ndi zinthu zitatu.

Yambani ndi mkamwa. Kwezani mlomo wam'mwamba wa mbuzi: kutsogolo kulibe mano, kuli nkhama yolimba yokha. Mano akutsogolo ali kumunsi kokha, asanu ndi atatu, omwe aja ogula amayang'ana pofuna kudziwa msinkhu. Mbuzi imapana tsamba pakati pa manowo ndi nkhama n'kukudzula. Nkhumba ili ndi mano akutsogolo kumwamba ndi kumunsi komwe.

Kenako chifu. Wosenda akatulutsa zam'kati, pemphani kuti muone asanatsuke. Muona zigawo zinayi. Choyamba ndi chithumba chachikulu chodzaza udzu, mkati mwake mokhakhala ngati thaulo. Chachiwiri chili ndi timaenje ngati zisa za njuchi. Chachitatu chili ndi mapepala ambirimbiri osanjikizana ngati buku. Chachinayi ndi chosalala, ndipo ndicho chofanana ndi chifu chathu. Kapangidwe kameneka ndi kamene kamachititsa kuti mbuzi igone pamthunzi masana n'kumabzikula, kubweza chakudya kuti itafunenso. Nkhumba sibzikula, chifu chake ndi thumba limodzi. Mvuu nayo sibzikula. Zonse ziwiri zatuluka, iliyonse kupita ku banja lake.

Chachitatu ndi nyanga, ndipo ndizo zimamaliza mlandu. Mukawaula mutu wa mbuzi pamoto, chikhokhombe cha nyanga chimavuka, mkati n'kutsala fupa lomera kuchokera pachigaza. Chikhokhombecho ndi chopangidwa ndi zomwe zimapanga zikhadabo zanu. Nyanga yotere siphuka nthambi, ndipo sigwa chaka ndi chaka. Nyama zobzikula za nyanga zotere ndi banja la Bovidae: mbuzi, nkhosa, ng'ombe, njati, gwape, ngoma.

Wina afunsa kuti, nanga mbuzi yanga yobadwa yopanda nyanga? Ikadali ya Bovidae. Gulu siliweruzidwa ndi chizindikiro chimodzi pa nyama imodzi. Mano ake, chifu chake, ziboda zake ndi makolo ake zonse zikuloza kumodzi.

Sitepe yachisanu: jenero

M'banja lalikululi ng'ombe zathu za linunda za ku Angonia zili mu jenero ya Bos, njati mu Syncerus. Zimenezo sizivuta. Yovuta ndi nkhosa, chifukwa nkhosa za kuno zambiri zilibe ubweya wa thonje uja wa pazithunzi, ndipo pataliko mlendo akhoza kuzisokoneza ndi mbuzi. Ziwirizi ndi pachibale ndithu, moti akatswiri amaziika m'kagulu kamodzi ka mkati mwa banja, Caprinae. Yang'anani mchira: wa mbuzi ndi waufupi ndipo umaloza kumwamba, wa nkhosa umalendewera. Tonde ali ndi ndevu ndi fungo lija losasowa, nkhosa yamphongo ndevu zapachibwano ilibe. Nkhosa ili ndi kadzenje kotulutsa mafuta m'munsi mwa diso lililonse, mbuzi ilibe. Mbuzi ndi Capra, nkhosa ndi Ovis.

Umboni wina sitiuona ndi maso. M'maselo a mbuzi muli makoromozomu, timaulusi tonyamula chibadwa, okwana 60, a nkhosa 54. N'chifukwa chake ziweto ziwirizi zimagona khola limodzi zaka ndi zaka koma simuona gulu la ana osakanizika. Tonde akakwera nkhosa, pafupifupi nthawi zonse bere silifika pobadwa mwana wamoyo.

Sitepe yomaliza: esipesiye

Mu Capra muli mbuzi zingapo zakutchire za m'mapiri a ku Ulaya, ku Asia ndi kumpoto chakum'mawa kwa Africa. Yathu yoweta ndi Capra hircus. Funso la pa sitepe imeneyi ndi lakuti: kodi zikakwerana zimabereka ana amene nawonso adzabereka? Mbuzi yathu yamakolo, imene alangizi amaitcha Landimu, mukaikweretsa ndi tonde wamkulu uja woyera thupi wofiira mutu wochokera ku South Africa, ana amabadwa, amakula, n'kuberekanso. Choncho zonsezo ndi esipesiye imodzi. Kusiyana kwa msinkhu ndi maanga ndi kwa mitundu ya ziweto chabe, ndipo pamayeso ana ambiri amagwa pomwepa chifukwa m'Chichewa mawu oti "mtundu" timawagwiritsa ntchito ponseponse.

Yerekezani ndi bulu ndi hatchi. Zonse ndi za jenero ya Equus, ndipo zimatha kubereka nyulu. Koma hatchi ili ndi makoromozomu 64, bulu 62, nyulu n'kutenga 63, ndipo nyulu kawirikawiri ndi chumba. Jenero imodzi, maesipesiye awiri.

Lamulo la kuberekanali lili ndi malire ake. Mbuzi yoweta inachokera kwa mbuzi yakutchire yotchedwa Capra aegagrus, ndipo ziwirizi zimaberekana bwinobwino. Ndiye akatswiri ena amalemba yathuyi kuti Capra aegagrus hircus, kutanthauza kuti ndi nthambi chabe ya yakutchireyo. Pamayeso tsatirani buku la kusukulu kwanu.

Polemba dzinalo

Mzere wonse wa mbuzi ndi uwu: Chordata, Mammalia, Artiodactyla, Bovidae, Capra, Capra hircus. Dzina la esipesiye limakhala la mawu awiri nthawi zonse. Loyamba ndi jenero, lili ngati mfunda, Phiri kapena Banda, kungoti pa dzina la nyama mfunda umatsogola ndipo umayamba ndi chilembo chachikulu. Lachiwiri limayamba ndi chilembo chaching'ono ndipo siliima palokha. Mukalemba hircus yekha simunatchule nyama iliyonse. Pakompyuta mawu awiriwa amapendeketsedwa, m'kope mumawadula mzere kunsi. Kalembedwe kameneka kanakhazikika ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, ndipo maina a nyama amayambira kuwerengedwa pa buku lake la m'chaka cha 1758, momwe mbuzi yathuyi inalembedwa kale ndi dzina lomweli. M'Chilatini capra ndi mbuzi yaikazi, hircus ndi tonde.

Mwana uja ndinamupatsa nkhumba kuti atsike nayo yekha. Anafika bwino mpaka pa Artiodactyla, kenako anathamangira kukhola kukaiyang'ana mkamwa. Ndinamuletsa asanalowetse dzanja.