Wevulenthi ya elekitironi ndi ya mpira

Achimwene, aticha athu kuno ku Ntcheu akuti elekitironi imayenda ngati funde, nanga mpira bwanji suoneka choncho?

Mphwanga, tenga fomula ya de Broglie ya 1924, λ = h/mv, pomwe λ ndi wevulenthi, kutalika kwa funde, m ndi masi, v ndi liwiro, ndipo h ndi nambala yosasintha ya Planck, 6.63×10⁻³⁴ J·s. Choyamba masi ikhale m'makilogalamu, liwiro m'mamita pa sekondi, apa ndi pomwe ambiri amagwa chifukwa amasiya magalamu.

Elekitironi masi yake ndi 9.11×10⁻³¹ kg, tiyerekeze ikuthamanga 1×10⁶ m/s, uchulukitse upeza 9.11×10⁻²⁵, ndiye h uigawe ndi nambala imeneyo, yankho 7.3×10⁻¹⁰ m. Kautali kameneka sikasiyana kwambiri ndi mipata ya pakati pa maatomu mu kristalo, n'chifukwa chake elekitironi ikadutsamo imamwazika ngati mafunde, Davisson ndi Germer anazionadi mu 1927 pa nikelo.

Tsopano mpira wa 0.43 kg woti waumenya pagalaundi pa 20 m/s, mv ndi 8.6, λ ikubwera 7.7×10⁻³⁵ m basi. Funde limaonekera pokhapo likakumana ndi mpata wofanana nalo kukula, koma apa olo pulotoni, ya 10⁻¹⁵ m, ndi chimphona. Ukapeza ya mpira ikuposa ya elekitironi, ona kalikyuleta, waiwala mainasi pa pawa.