Momwe mungalembere uthenga wokumbutsa pa LinkedIn ndi pa imelo mukakumana ndi wogula mbewu

Tiyerekeze kuti ndinu mlembi wa kopaletivi ya alimi a soya ku Kamwendo, ndipo pamsonkhano wina pa boma la Mchinji mwacheza ndi mayi amene amagulira mbewu kampani ina ya ku Lilongwe. Akupatsani khadi lawo n'kukuuzani kuti muwakumbutse. Mudzafunika kulemba kawiri, chifukwa uthenga wa pa LinkedIn ndi woti akukumbukireni, pamene imelo ndi chikalata chimene iwo angapite nacho kwa akuluakulu awo pokapempha chilolezo chogula.

Choyamba, yambirani pa LinkedIn tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, nkhope yanu isanaiwalike. Mukapeza tsamba lawo, dinani Connect kenako Add a note. Apa ndi pamene zinthu zinandisokonekera nthawi ina, ndiye ndichedwapo pang'ono. Bokosi limeneli ndi laling'ono: amene salipira amaloledwa zilembo 200 zokha, amene amalipira Premium zilembo 300, ndipo mipata ya pakati pa mawu imawerengedwanso. Ife tinazolowera kuyamba ndi malonje, kufunsa za kunyumba ndi kupepesa chifukwa chosokoneza, koma mukatero malo amatha musanatchule n'komwe kuti ndinu ndani. Komanso munthuyo amauona uthengawo pafoni, mwina ali m'galimoto, ndipo mawu oyambirira okha ndiwo amamuchititsa kuvomera kapena kudutsa. Choncho tchulani zinthu zitatu basi, malo amene munakumana, ntchito yanu, ndi chimene chikubwera:

"Mayi Uje, tinakumana Lachiwiri pamsonkhano wa ku Mchinji. Ndine mlembi wa kopaletivi ya soya ya ku Kamwendo. Ndikutumizirani mitengo pa imelo mawa. Zikomo."

Onani kuti ulemu sunachoke. Mawu akuti "Mayi" alipo, ndipo simunawatchule dzina loyamba ngati mnzanu wa kusukulu, ngakhale kuti ambiri pa LinkedIn amatero. Chimene chachoka ndi kalembedwe ka kalata ya ku ofesi, monga "Wolemekezeka" ndi "Ine wanu wokhulupirika", chifukwa pamalo amenewa mawu otere amaoneka ngati okopera kwina. Musaikeponso mtengo kapena pempho la ndalama, popeza uthenga wotero umafanana ndi wa anthu achinyengo. Ndichenjezenso kuti pali anyamata amene amagulitsa maakaunti a Premium motchipa, ndipo amapempha mawu anu achinsinsi olowera. Musawapatse, chifukwa zilembo 200 zimakwanira ntchitoyi.

Chachiwiri ndi imelo, imene iyenera kufika pa tsiku limene munalonjeza. Pano muli ndi malo, koma ndime zitatu zazifupi, mawu pafupifupi 150, ndi zokwanira. Pa Subject lembani nkhani yeniyeni, monga "Soya matumba 300, Kamwendo, Mchinji", osati "Moni" kapena "Chikumbutso", kuti akadzafuna imeloyo patapita mwezi adzaipeze mosavuta. Yambani ndi moni wathunthu ndi kuthokoza chifukwa cha nthawi yawo. M'ndime yachiwiri ikani zimene wogula amafuna kudziwa: matumbawo ndi a makilogalamu 50, soyayo ndi wopeta ndiponso wouma bwino, ali m'nyumba yosungiramo katundu imene lole ingafike, ndipo mtengo wa pa kilogalamu ndi wakuti. Ndime yomaliza ikhale ndi funso limodzi lokha loyankhika, mwachitsanzo ngati angatumize munthu kudzaona katunduyo sabata yamawa. Pansi lembani dzina lanu lonse, udindo ndi nambala ya foni, ngakhale kuti pa LinkedIn dzina ndi udindo sizifunika chifukwa tsamba lanu limazionetsa kale. Satifiketi ya kopaletivi muitumize ngati PDF imodzi, osati zithunzi zambirimbiri zimene zimangotha bandulo ya inu ndi ya iwo.

Ena amakalembetsa imelo m'masitolo otayipa makalata, koma kawirikawiri amapatsidwa kalata yakale imene angosinthamo dzina. Ndi bwino kulemba nokha, kaya m'Chichewa kaya m'Chingerezi chosavuta, malinga ndi chinenero chimene munachezera.

Chachitatu, akakhala chete dikirani pafupifupi sabata, kenako tsegulani imelo yomwe ija n'kudina Reply, kuti zonse zikhale pamodzi. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zakwana, ndipo muonjezerepo chatsopano, monga tsiku limene alimi agwirizana kuti katundu adzagulitsidwe. Pa LinkedIn, ngati anavomera pempho lanu, chiganizo chimodzi chowauza kuti imelo ili m'bokosi mwawo ndi chokwanira, koma musatumize ziwirizi tsiku limodzi. Mukakumbutsa kawiri popanda yankho, imbani foni pa nambala ya pa khadi lija nthawi ya ntchito.