Msonkho umene akukudulani pa peyisilipi ukupita kuti?

Chifukwa chani boma limadula msonkho? Boma palokha lilibe ndalama, zimene limagwiritsa ntchito zimachokera kwa anthu ndi makampani, kapena likongole, koma ngongoleyo mapeto ake imabwezedwanso ndi msonkho womwewo. Ndiye pali zinthu zoti munthu mmodzi sangazikwanitse payekha, monga kumanga chipatala, kuphunzitsa adokotala zaka zambirimbiri, kulipira aphunzitsi mwezi ndi mwezi. Ndipo matenda sasankha tsiku, amatha kubwera thumba lili mbee, nde ngati aliyense akusonkha pang'ono pang'ono ali bwinobwino, wodwala lero amathandizidwa ndi ndalama za amene sanadwale.

Ine sindine nzika kuno, akundiduliranji? Funso ili ambiri timalifunsa tikangofika kumene m'dziko la eni. Mayiko ambiri sayang'ana pasipoti, amayang'ana kumene mukukhala ndi kumene mukupezera ndalama. Odziwika kuti amatsatira nzika zawo ngakhale zili kunja ndi Amereka ndi Eritrea. Ndipo ngakhale amene amalandira pamanja popanda peyisilipi akusonkhabe, chifukwa VAT ili mumtengo wa katundu wambiri, ku Joni ndi 15 peresenti, ku UK ndi 20 peresenti pa zinthu zambiri.

Nanga amawerengera bwanji? Apa ndiye pofunika kukhala tcheru, chifukwa anthu ambiri amadulidwa mopitirira osadziwa. Titenge munthu wogwira ntchito ku England amene amalandira mapaundi 24,000 pachaka, tiwerengere ndi malamulo a chaka cha msonkho cha 2024/25. Mapaundi 12,570 oyambirira sakhomedwa msonkho. Otsala ndi 11,430, ndipo amenewa ndi amene amadulidwa 20 peresenti, zomwe zikubwera 2,286 pachaka, kapena 190.50 pamwezi. Pa peyisilipi pake pakuyenera kuoneka nambala ya 1257L, imene ikuuza abwana kuti gawo loyambalo asalikhudze. Koma ngati anayamba ntchito mapepala asanalongosoke, mwina mupeza palembedwa BR, kutanthauza kuti akudula 20 peresenti pa ndalama yonse kuyambira paundi yoyamba, nde munthu yemweyo akudulidwa 400 pamwezi mmalo mwa 190.50, ndipo mwezi uliwonse 209.50 ikupita chabe iye akungodandaula kuti dziko lino nlodula. BR imakhala yolondola ngati ili ntchito yachiwiri, koma ngati ntchito yanu ndi imodzi yokha imbani ku HMRC, bungwe lotolera misonkho ku UK, akonze, zimene anadula mopitirira amabweza. National Insurance, ndalama imene amadula yokhudza penshoni ya boma ndi mabenefiti ena, ndi mzere wina wapadera, musasokoneze ziwirizi.

Tsono ndalamayo imafika bwanji ku sukulu ndi ku kiliniki? Siipita mwachindunji ayi. Abwana amatumiza ku bungwe lotolera misonkho, HMRC ku UK, SARS ku Joni, ngati mmene ilili MRA kumudzi, ndipo bungwelo ntchito yake yaikulu nkutolera, siligawa ku maunduna. Ndalama zimalowa mthumba limodzi lalikulu la boma, kenako nduna ya zachuma imabweretsa bajeti ku nyumba ya malamulo, aphungu akavomereza ndi pamene unduna uliwonse umalandira gawo lake. Ku Joni gawo lalikulu limatsikira ku mapulovinsi, ndipo ndi pulovinsi imene imalipira aphunzitsi ndi manesi, kugula mankhwala ndi mabuku. Nchifukwa chake simungaloze kuti ndalama yanga ija inagula bedi ili, inasakanikirana kalekale ndi za ena.

Chimene ambiri sitiganizira nchoti kumanga sikumene kumadya ndalama kwambiri. Mdadada wa sukulu umamangidwa kamodzi, koma malipiro a aphunzitsi amabwera mwezi uliwonse, ndipo mu bajeti ya maphunziro malipiro ndi amene amatenga gawo lalikulu. Ndiye mukaona kiliniki yokongola yopenta bwino koma mankhwala mulibe, nesi mmodzi pamzere wa anthu ambirimbiri, nthawi zambiri vuto lili pa ndalama zoyendetsera za tsiku ndi tsiku, kapena zavomerezedwa mu bajeti koma sizinatuluke pa nthawi yake, kapena zasowa panjira. Kwathu tinaziona mu 1994 pamene pulayimale inakhala yaulere, ana anakhamukira ku sukulu koma aphunzitsi ndi makalasi sanakwane.

Ndikusonkha, nde chilichonse nchaulere eti? Osati choncho. Ku UK ambiri a ma viza amalipiranso ndalama ina ya zaumoyo pofunsira viza, kuyambira 2024 inafika mapaundi 1,035 pachaka kwa wamkulu, ngakhale a viza ya ntchito zachipatala ndi zosamalira anthu salipira. Komanso mawu oti No public funds akaoneka pa viza yanu akunena za mabenefiti ambiri a boma, sakutanthauza kuti mwana wanu sangalowe sukulu ya boma kapena kuti simungalembetse kwa dokotala wa mdera lanu.