Momwe mungakonzekerere mafunso a viza ya sukulu ya ku Amereka

Munthu amatha miyezi akusonkhanitsa mapepala, koma pa zenera la ku ofesi ya kazembe nkhani yonse imatha m'mphindi zochepa chabe. Mumayankha muli chiimire, pakati pa inu ndi wofunsayo pali galasi, kumbuyo kwanu kuli anzanu apamzere. Kawirikawiri wofunsayo sapempha n'komwe mulu wa mapepala umene mwanyamula. Amayang'ana pa kompyuta, n'kufunsa mafunso angapo, n'kugamula pomwepo.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'choti ambiri amakanidwa ali ophunzira enieni, osanama chilichonse, kungoti sanadziwe chimene wofunsayo akufuna kumva. Lamulo la zolowa m'dziko la Amereka, gawo 214(b), limamuuza wofunsayo kuti aliyense wopempha viza ya mtundu uwu amutenge ngati akufuna kukakhazikika komweko, mpaka mwiniwakeyo atasonyeza kuti si choncho. Ndiye kuti mafunso a ndalama, a maphunziro ndi a kubwerera kwanu ali ngati mafuwa atatu a mphika umodzi. Limodzi likagwedezeka, mphika wonse umapendekeka. Pano ndikamba za viza ya F-1, imene amapatsa ophunzira a ku koleji ndi ku yunivesite.

Choyamba: werengani mapepala anu omwe

Musanalipire kalikonse, tsegulani tsamba la ofesi ya kazembe wa Amereka ya m'dziko limene mukukhala, muone ngati viza za ophunzira zikuperekedwa kwa nzika za dziko lanu panthawiyo, komanso ndalama zimene akulipiritsa. Malamulowa amasintha.

Sukulu ikakulandirani imakutumizirani fomu ya I-20, yotsimikizira kuti yakupatsani malo ophunzira. Ikafika mumalipira ndalama ya kaundula wa ophunzira ochokera kunja wotchedwa SEVIS, imene yakhala ili madola 350, n'kudzaza fomu yofunsira viza ya DS-160 pa intaneti, n'kulipira ndalama yofunsira viza, imene yakhala ili madola 185. Sungani malisiti onse, ndipo musindikize tsamba lotsimikizira la DS-160.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Ngati fomu ya DS-160 anakudzazirani m'bale wanu kapena wothandizira, iwerengeni yonse isanatumizidwe, musungenso kope lake. Wofunsayo amakhala akuiona pa kompyuta pamene mukulankhula. Ngati fomu ikunena kuti akulipirani ndi bambo anu, inu n'kunena kuti ndi amalume, iye sadziwa kuti amene analakwitsa ndi wodzaza uja. Amangoona kuti nkhani yasiyana. Fomuyi imafunsanso ngati muli ndi achibale ku Amereka, ngati munakanidwapo viza, komanso mayina amene mwagwiritsa ntchito pa masamba a mchezo m'zaka zisanu zapitazi. Lembani zoona. Kukanidwa wamba kumapola, koma kupezeka ndi bodza kapena pepala lachinyengo kukhoza kukutsekerani khomo moyo wanu wonse.

Chachiwiri: ndalama

Gawo ili ndi limene limafuna nthawi yambiri. Tengani I-20 yanu, mupeze pamene sukulu yalemba ndalama zofunika pa chaka chimodzi cha maphunziro: fizi, malo ogona, chakudya ndi zina. Pambali pake pamalembedwa kumene ndalamazo zichokere. Manambala amenewa muwadziwe ngati dzina lanu.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina walandiridwa kukachita digiri yachiwiri ya zaka ziwiri, pa maphunziro a za madzi. I-20 yake ikuti chaka chimodzi chifuna madola 42,000. Sukulu yamupatsa thandizo la madola 25,000 pa chaka. Patsala madola 17,000, ndipo adzalipira ndi mayi ake. Akafunsidwa kuti alipira ndani, yankho loti "makolo anga" ndi lopanda mnofu. Yankho labwino ndi lonena kuti sukulu ikulipira 25,000, otsalawo 17,000 alipira mayi ake, amene ali ndi bizinesi yakutiyakuti kwa zaka zakutizakuti, ndipo ndalama za chaka choyamba zili kale ku banki. Ziganizo ziwiri zokha, koma wofunsayo wamva ndalama, mwini ndalama ndi gwero lake.

Kenaka limabwera funso limene ambiri salikonzekera: nanga chaka chachiwiri? Chofunika n'choti ndalama za chaka choyamba zikhalepo kale, ndipo za zaka zotsatira zioneke kuti zili ndi kochokera kodalirika. Mtsikanayu adziwe ngati thandizo la sukulu lija lipitirira chaka chachiwiri, komanso ngati pali magiredi amene ayenera kusunga kuti lisathe. Adziwenso kuti mayi ake amapeza ndalama zingati pa chaka. Ngati zimene amapeza pa chaka chonse sizikufika n'komwe pa 17,000, wofunsayo aona msanga kuti masamuwo sakutheka, ngakhale sitetimenti ya ku banki ioneke yonona.

Sitetimenti imene imakayikitsa kwambiri ndi ya akaunti imene yakhala ndi ndalama zochepa kwa miyezi, kenaka masiku ochepa mafunso asanachitike mwagwa ndalama zambiri kamodzi. Imaoneka ngati ndalama zobwereka zongoonetsa. Nthawi zina ndalamazo zimakhala zoona, mwina banja lagulitsa malo kapena galimoto. Ngati ndi choncho, nyamulani pepala la mgwirizano wa malondawo, ndipo mukafunsidwa munene mosazungulira. N'chifukwa chake ndi bwino kunyamula sitetimenti ya miyezi ingapo, osati kalata ya tsiku limodzi.

Ngati wokulipirani si kholo lanu, yembekezerani funso loti n'chifukwa chiyani munthu ameneyu akufuna kuwononga ndalama zake pa inu. Mukhale ndi yankho loona: ndi amene anakulerani, kapena ndi amene anakulipiraninso sukulu ya m'mbuyomu. Mudziwe ntchito yake, ndi chiwerengero cha ana amene akuwalipirira sukulu.

Chinthu chimodzi musachiyike m'masamu anu: ntchito ya komweko. Wophunzira wa F-1 amaloledwa kugwira ntchito pasukulu pomwepo mosapitirira maola 20 pa sabata panthawi ya maphunziro, ndipo ndalama zake sizingalipire fizi. Mukanena kuti zotsalazo mukazipeza pogwira maganyu, mwavomera nokha kuti ndalama sizikukwana. Zimasiyana ngati sukulu yakupatsani kale ntchito yothandiza aphunzitsi kapena yofufuza ngati gawo la thandizo lanu, chifukwa zimenezo zimakhala zolembedwa m'kalata.

Chachitatu: maphunziro

Mafunso ake ndi osavuta kumva. N'chifukwa chiyani sukulu imeneyi? Munafunsira ku masukulu angati, ndipo angati anakulandirani? Bwanji osaphunzira kwanu konkuno?

Yankho loti sukuluyi ndi yotchuka padziko lonse wofunsayo amalimva kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Tsegulani tsamba la sukulu yanu, muwerenge mndandanda wa maphunziro, musankhe awiri amene akukhudza chimene mukufuna kudzachita. Mtsikana uja anganene kuti pa digiri yoyamba anaphunzira za uinjiniya, wagwira ntchito zaka ziwiri pa za madzi akumwa, ndipo waona kuti akusowa luso loyeza madzi apansi panthaka, limene sukuluyi imaphunzitsa mozama. Apa zakale, zatsopano ndi zam'tsogolo zalumikizana.

Ngati mwasintha gawo la maphunziro, kapena mwakhala zaka zingapo osali pasukulu, musadikire kuti mudzaganize yankho muli pa zenera. Konzani chiganizo chimodzi chofotokoza chifukwa chake. Mudziwenso mzinda umene sukulu ili, tsiku lotsegulira ndi kumene mukagone. Ndi tizinthu ting'onoting'ono, koma munthu wosadziwa kumene kuli sukulu yake saoneka ngati wapaulendo wa sukulu.

Chachinayi: kubwerera kwanu

Kulumbira kuti mudzabwerera sikuthandiza, chifukwa aliyense amalumbira. Wofunsayo amadziwanso kuti wachinyamata sakhala ndi nyumba kapena katundu wambiri, choncho musavutike kufunafuna mapepala a malo amene si anu. Chimene chimagwira mtima ndi dongosolo looneka: mukamaliza mudzagwira ntchito yanji, m'mabungwe a mtundu wanji, ndipo digiriyi idzakukwezani bwanji kwanu. Ngati abwana anu akupatsani tchuthi cha maphunziro ndipo ntchito ikukudikirani, kalata imeneyo ndi yamtengo wapatali. Ngati muli ndi banja, ana kapena bizinesi imene mudzabwerere, nenani.

Mukafunsidwa ngati muli ndi m'bale ku Amereka, ndipo alipo, vomerani, munene kumene amakhala ndi chimene amachita. Kumubisa ndi koopsa kuposa kukhala naye.

Pali chilolezo chotchedwa OPT, chimene chimalola wophunzira kugwira ntchito yogwirizana ndi maphunziro ake, kawirikawiri kwa miyezi 12. N'chovomerezeka, koma musachisandutse mutu wa nkhani yanu. Mukafunsidwa, yankhani zoona, ndipo musonyeze kuti ngakhale mutachigwiritsa ntchito, mapeto a ulendo ndi kwanu.

Chachisanu: yesererani mokweza mawu

Mafunsowa amachitika m'Chingerezi nthawi zambiri, ndipo wofunsayo amamvetseranso ngati mungathe kutsatira maphunziro m'chilankhulochi. Pezani mnzanu, muimirire, akufunseni mosatsata ndondomeko, nthawi zina akuduleni pakamwa. Yankho lililonse lisapitirire ziganizo ziwiri kapena zitatu. Musaloweze mawu pamtima ngati ndakatulo. Woloweza amadziwika msanga: akadulidwa pakati amayambiranso pachiyambi, ndipo funso likasinthidwa pang'ono amayankhabe lakale lija. Lowezani mfundo ndi manambala, mawu azibwera okha.

Tsiku lenilenilo

Fikani nthawi yabwino. Werengerani pa tsamba la ofesiyo zinthu zimene saloleza kulowa nazo, chifukwa mafoni ndi zikwama zazikulu nthawi zambiri amaletsa. Pamwamba pa mapepala anu pakhale pasipoti, I-20 yosainidwa, tsamba la DS-160, kalata yoitanira ku mafunso ndi malisiti. Pansi pake pakhale mapepala a ndalama, kenaka a sukulu. Adzakutengani zidindo za zala. Pa zenera, perekani pepala lokhalo limene lapemphedwa. Funso likakupitani, pemphani mwaulemu kuti alibwereze, m'malo moyankha zimene simunafunsidwe.

Akavomera, amasunga pasipoti yanu kuti amatemo viza. Musafulumire kugula tikiti ya tsiku lililonse, chifukwa wophunzira watsopano saloledwa kulowa m'dzikolo patatsala masiku opitirira 30 kuti lifike tsiku lotsegulira lolembedwa pa I-20.

Akakupatsani pepala lotchula 221(g), ndiye kuti pakufunika pepala lina kapena akufuna kufufuza kaye. Werengani bwino chimene apempha, muchitumize monga mmene alangizira, ndipo mudziwitse sukulu yanu ngati nthawi ikutha.

Pepala lotchula 214(b) ndi kukanidwa, ndipo palibe apilo. Mukhoza kufunsiranso, koma mudzadzaza DS-160 yatsopano ndi kulipiranso ndalama yofunsira viza. Mukangotuluka, khalani pansi mulembe mafunso onse ndi mayankho anu musanaiwale. Nthawi zambiri funso limene wofunsayo analibwereza, kapena limene anathera, limasonyeza pamene anakayikira. Wofunsa wachiwiri adzaona zimene woyamba analemba, ndipo akhoza kukufunsani kuti chasintha n'chiyani. Mubwerereko mukakhala ndi choti muyankhe: thandizo la sukulu lakwera, wolipira wina wodalirika wapezeka, kapena kalata ya abwana yafika. Ngati tsiku lotsegulira layandikira, lemberani sukulu muwapemphe akusunthireni ku chigawo chotsatira, akutumizireni I-20 ya tsiku latsopano.