Momwe mungadziwire ngati ngongole ya geni mungaikwanitse ndi zomwe mumagulitsa pa sabata

Wobwereketsa ndalama akamakufunsani kuti mumagulitsa zingati, inu mumayankha ndalama zomwe zimadutsa m'manja mwanu. Koma ngongole sibwezedwa ndi ndalama zodutsa m'manja. Imabwezedwa ndi zotsala mukachotsa za kuoda, za thiransipoti ndi za pakhomo. Ambiri a ife ochita geni kuno ku Joni timagwera pamenepa, ndiye ndikufuna tiyende limodzi m'masamu a mayi wina wogulitsa tomato, anyezi, nyemba ndi ndiwo zamasamba pafupi ndi msika wa ku Yeoville. Mayiyu amafuna kutenga R5,000 kuti awonjezere usipa ndi mpunga wa kilombero, katundu yemwe amabwera ndi mabasi ochokera kumudzi.

Choyamba: pepala la ngongole likhale m'manja musanasayine

Lamulo la ngongole la dziko lino, National Credit Act la mu 2005, limati wobwereketsa wolembetsedwa akupatseni kaye pepala losonyeza zonse zomwe mudzalipire, ndipo mitengo ya papepalalo imakhala yosasintha kwa masiku asanu ogwira ntchito. Tengani pepalalo mupite nalo kunyumba. Onaninso ngati pali nambala yoyamba ndi NCRCP, yomwe imasonyeza kuti analembetsa ku bungwe la National Credit Regulator.

Pa ngongole zing'onozing'ono, zosapitirira R8,000 komanso zobweza pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, chiwongoladzanja sichiyenera kuposa 5 peresenti pa mwezi ngati ndi ngongole yoyamba m'chaka chimenecho. Koma chiwongoladzanja si mtengo wonse. Pamakhala ndalama yotsegulira ngongole, ndalama ya mwezi ndi mwezi yoyendetsera akaunti yomwe imafika R69 pamodzi ndi msonkho, ndipo nthawi zambiri inshuwalansi. Musataye nthawi ndi mapelesenti. Funani manambala awiri okha: ndalama yolipira pa mwezi, ndi zonse pamodzi pomaliza.

Pepala la mayi athu linalemba R2,150 pa mwezi kwa miyezi itatu, zonse R6,450. Ndiye kuti R5,000 ija mtengo wake ndi R1,450. Popeza geni yawo imayenda pa sabata, anagawa R2,150 panayi, n'kupeza pafupifupi R540. Iyi ndi ndalama yomwe ikufunika kuikidwa padera Loweruka lililonse madzulo, kaya msika unayenda kaya ayi.

Chachiwiri: lembani zogulitsa za masabata asanu ndi atatu

Mayiyu atafunsidwa ndi mlamu wawo kuti amagulitsa zingati pa sabata, anayankha msangamsanga kuti, "Alamu, ine sindilephera sikisi sauzande." Sanali kunama. Mutu umasunga masabata okoma, oipa umawaiwala. Mwamwayi anali ndi kope lomwe amalembamo madzulo aliwonse, lija lachikuto chofiira lothimbirira ndi madzi a tomato. Atawonkhetsa masabata asanu ndi atatu apitawo zinatuluka motere:

- Mwezi woyamba: R5,200, R3,900, R3,600, R6,100
- Mwezi wachiwiri: R5,400, R4,000, R3,400, R6,000

Sikisi sauzande ija imabwera kamodzi pa mwezi, anthu akalandira malipiro. Pakati pa mwezi msika umazizira, makasitomala amagula mulu umodzi wa tomato m'malo mwa itatu, ena n'kumapempha kuti muwalembe adzapereka kumapeto. Mukagawa zonse mofanana, sabata imodzi ikubwera R4,700.

Ngati mulibe kope, musayerekeze za m'mutu. Yambani kulemba lero, ngongole idikire. Masabata anayi ndiye ochepetsetsa, chifukwa muyenera kuona mwezi wonse kuchokera pokoma mpaka powawa. Ndipo lembani ndalama zomwe zalowa m'thumba zokha. Za amene atenga pangongole muzilembe tsiku lomwe apereke.

Chachitatu: chotsani zomwe si zanu

Apa ndi pomwe pafunika kudekha. Ndalama zambiri zomwe mwagulitsa ndi mpamba, ziyenera kubwerera ku msika waukulu wa ku City Deep kukaoda katundu wina. Kuti adziwe gawo lake, mayiyu anatenga zomwe anaodera m'masabata omwewo n'kuziyerekeza ndi zomwe anagulitsa. Anapeza kuti pa R100 iliyonse yolowa, R65 imabwerera kokaoda, R35 ndiye phindu. Muziyerekeza ndalama zonse zomwe munaodera ndi zonse zomwe munagulitsa, osati mtengo wa bokosi limodzi, chifukwa mukatero tomato woola ndi basela yemwe mumawonjezera makasitomala amakhala atalowa kale m'masamumo.

Kenako pali ndalama zomwe zimatuluka msika uyende usayende. Galimoto yobweretsa katundu m'mamawa, malo ogulitsira, kosungitsa katundu usiku, anyamata okankha ngolo ndi majumbo, zonsezi zimawatengera R350 pa sabata. Ndiye pali za pakhomo. Ambiri amadumpha gawo ili pomati si za bizinesi, koma ndalama ya lendi ndi ya magetsi imachokera pa tebulo lomwelo. Gawo lawo la lendi, chakudya, magetsi, ndi kangachepe kotumiza kwa amayi awo kumudzi, zimakwana R750 pa sabata. Zonse pamodzi ndi R1,100.

Tsopano masamu ake. Sabata yapakatikati ya R4,700 imapereka phindu la R1,645, mukachotsa R1,100 patsala R545. Sabata yokoma ya R6,100 imasiya R1,035. Sabata yoipitsitsa ya R3,400 imapereka phindu la R1,190, ndipo chotsala ndi R90 basi.

Chachinayi: yesani ngongole pa sabata yoipa

R545 poyerekeza ndi R540: papepala ngongole ikukwanira. Mlamu uja ataona zimenezi anati basi katengeni. Ine ndikuti ayi. Pa mwezi wonse mayiyu amatsala ndi R2,180, ngongole ikufuna R2,150, ndiye kuti chodzitetezera nacho ndi R30. Mwana akadwala mayi n'kutseka tebulo masiku awiri, mvula ikagwa Loweruka lonse, kapena apolisi a mzinda akalanda katundu wa ogulitsa m'mbali mwa msewu, R30 ija yatha kalekale.

Chomwe chimachitika zikatero n'chodziwika. Tsiku lolipira likafika ndalama itaperewera, munthu amatapa pa mpamba. Sabata yotsatira amaoda mabokosi atatu m'malo mwa asanu. Tebulo likaoneka lopanda kanthu makasitomala amadutsa, zogulitsa zimatsika, mwezi wotsatira kuperewera kumakula. Kuli ngati kudya mbewu mwezi wa Novembala. Chizindikiro chake n'chosavuta kuona: ngati ndalama yokaodera ikuchepa sabata ndi sabata pomwe ngongole mukulipira bwinobwino, dziwani kuti ikulipidwa ndi mpamba.

Muyezo womwe ndimaukhulupirira ndi uwu: ndalama yobweza pa sabata isapose theka la zomwe mumatsala nazo m'sabata yapakatikati, ndipo m'sabata yoipa isakukakamizeni kukhudza mpamba. Si lamulo la boma ili, ndi malire ongokupatsani popumira. Kwa mayiyu theka la R545 ndi pafupifupi R270. R540 yapitirira kawiri.

Chachisanu: nanga katundu watsopanoyo?

Wina anena kuti masamuwa aiwala kuti usipa ndi mpunga zibweretsa ndalama zina. N'zoona, ndipo funso limeneli ndi lofunika kuliyankha mosanyengerera. Ngati phindu lake lingafanane ndi la katundu winayu, katundu wa R5,000 akagulitsidwa yense alowetsa pafupifupi R7,700, zoposa R6,450. Vuto lili pa liwiro. Ngongole ili ndi tsiku lake, usipa ulibe.

Mayiyu anachita chinthu chanzeru. Kwa masabata awiri, aliyense wofunsa usipa kapena kilombero n'kubwerera chimanjamanja amamulemba kumapeto kwa kope, pamodzi ndi ndalama yomwe akanagulira. Zinakwana pafupifupi R400 pa sabata. Pa liwiro limenelo, miyezi itatu ikutha atagulitsa za R4,800 zokha, matumba ena akadali pansi pa bedi, usipa utayamba kufumbwa, pomwe R6,450 yaperekedwa yonse. Anazindikira kuti R5,000 sinachokere ku zofuna za makasitomala. Inali nambala yomwe wobwereketsa anati angathe kuwapatsa.

Atabwerera kukafunsa za R2,000, pepala linalemba R920 pa mwezi kwa miyezi itatu, zonse R2,760, kapena R230 pa sabata. Taonani kuti ngongole yaing'onoyi ndi yodula poyerekeza ndi kukula kwake, R760 pa R2,000, chifukwa ndalama yotsegulira ndi ya mwezi ndi mwezi sizitsika mofanana ndi ngongole. Komabe ili pansi pa R270 ija. M'sabata yoipa, R90 yotsala kuphatikiza R140 ya phindu la usipa ndi mpunga zikukwana R230 yomweyo, mpamba osakhudzidwa. Ndipo ngati usipa utapanda kuyenda sabata imeneyo, sabata ya malipiro imakwirira dzenjelo mosavuta. Katundu wa R2,000 atha m'masabata pafupifupi asanu ndi atatu, mayi n'kuodanso ndi ndalama zake zomwe.

Za tsiku lolipira, ndi za amashonisa

Pemphani kuti tsiku lolipira likhale pa 1 kapena pa 2, sabata ya malipiro itangodutsa, osati pa 15 kapena pa 20. Ngati adzadula okha ku banki, ndalama ikhale italowa dzulo lake, chifukwa akaipeza mulibe banki nayo imalipiritsa. Onaninso miyezi yomwe ngongole idutsemo. Yotengedwa mu Novembala imakumana ndi Januwale, pomwe makasitomala ambiri achimalawi amakhala asanabwerere kuchokera kumudzi ndipo otsalawo ndalama zapita ku mayunifolomu a ana. Lamulo limakulolani kumaliza ngongole yaing'ono nthawi isanakwane popanda chilango, ndiye mwezi ukakoma funsani ndalama yotsekera.

Ndikudziwa kuti abale athu ambiri mapepala awo salandiridwa kwa obwereketsa olembetsedwa, ndiye amathera kwa mashonisa, katapila wa kuno. Masamu ake ndi omwewa, koma samalani ndi msampha uwu. Mashonisa akati 30 peresenti pa mwezi pa R5,000, ndiye R1,500 pa mwezi, R375 pa sabata, yooneka yopepuka kuposa R540. Koma imeneyo ndi chiwongoladzanja chokha. Pakatha miyezi itatu mwapereka R4,500 ndipo R5,000 ija idakali chilili. Funsani nthawi zonse kuti mukapereka ndalama yakutiyakuti, ngongole yeniyeniyo itsika ndi zingati. Wobwereketsa aliyense wofuna kusunga pasipoti yanu, khadi la ku banki kapena nambala yake yachinsinsi akuphwanya lamulo, musamupatse.

Mayi a ku Yeoville anatenga ya R2,000 ija. R230 amaichotsa Loweruka madzulo asanawerengere zokaodera Lolemba, n'kuiika mu envelopu yakeyake, ndipo sabata ya malipiro amaikamo R400 kuti ya pakati pa mwezi ikadzaperewera ipeze pothawira. Dzina lawo alilembetsanso ku chipereganyu cha amayi a kutchalitchi, kuti katundu wa ulendo wotsatira adzaode ndi ndalama yopanda chiwongoladzanja.